Kusandutsa chithunzi cha seketi kukhala mawu: momwe ntchito yayendera m'masabata atatu

Lolemba, sabata yoyamba

Lero ndayamba ntchito yomwe ndakhala ndikuizengereza chiyambire temu ino. M'kalasi mwanga mwa Fomu 4 muli mtsikana mmodzi wosaona, ndipo fizikisi amaimva kuposa anzake ambiri. Lamulo la Ohm amalidziwa, masamu amawerengera m'mutu ena asanatsegule n'komwe kakyuleta. Koma funso likangonena kuti onani chithunzi chili m'munsichi, iye amaima pomwepo, kudikira kuti wina amuuze zomwe zili papepala. Mnzake wokhala naye desiki imodzi ndiye wakhala akumufotokozera, ndipo zimandiwawa kuti malikisi ake pa mutu wa zamagetsi akudalira momwe mnzakeyo wafotokozera tsiku limenelo.

Pa mafunso omwe ndasonkhanitsa obwerezera pokonzekera MSCE, 14 ali ndi chithunzi cha seketi. Madamu amene amathandiza ana osaona pasukulu pathu amatha kupanga chithunzi chotukuka, pomata ulusi pa katoni kuti mwana azikhudza ndi zala, koma chimodzi chimawadyera madzulo onse. Tagwirizana kuti ine ndilembe chithunzi chilichonse m'mawu, iwo asinthire m'zilembo za buleyilo. Pepala lenileni lituluka m'Chingelezi, poti ndicho chiyankhulo cha mayeso, koma muno ndizilemba m'Chichewa monga timafotokozerana tikakhala atatu.

Ndasankha funso limodzi loyambira. Muli batire la 9 V, marezisita atatu a 4 Ω, 6 Ω ndi 3 Ω, swichi, amita ndi votimita. Funso likufuna rezisitansi ya seketi yonse, kenako zomwe amita ikuwerenga swichi ikatsekedwa, ndiponso ikatsegulidwa.

Lachitatu, sabata yoyamba

Ndinalemba zomwe maso anga ankaona. Kumanzere kuli batire. Pamwamba pali rezisita ya 4 Ω, ndipo pamwamba pake pali votimita. Kumanja kuli marezisita awiri, ya 6 Ω ndi ya 3 Ω. Pafupi ndi ya 6 Ω pali swichi, pafupi ndi ya 3 Ω pali amita. Nditawerenga ndekha zinkamveka bwino, chifukwa chithunzi chinali patebulo pambali panga.

Mtsikanayo anayendetsa zala pa mizere yonse kawiri, kenako anafunsa: "Aphunzitsi, waya akachoka pa ya 4, akulowa pati?" Ndinamupempha kuti ayese kaye ndi zomwe zalembedwazo. Anatenga marezisita onse ngati ali pa mzere umodzi, anaphatikiza n'kupeza 13 Ω, ndipo anati amita ikuwerenga 0.69 A. Ndinapereka mawu omwewo kwa mnyamata wina amene sanaone chithunzi, ndinamuuza kuti ajambule seketiyo. Iye anaika ya 4 Ω ndi ya 6 Ω pa njira imodzi, ya 3 Ω anailumikiza payokha molunjika ku batire, ndipo anapeza 3 A. Yankho lenileni ndi 1 A.

Onse awiri sanalakwitse masamu. Aliyense anawerengera bwino seketi imene anaimanga m'mutu mwake, ndipo mawu anga ankalola maseketi onse atatu. Mawu oti kumanzere, pamwamba, pafupi amanena za pepala, pomwe magetsi sadziwa kuti pepala lili ndi mbali. Seketi yomweyo ukhoza kuijambula chozondoka, kutalikitsa waya, kusunthira batire pansi, karenti siisintha ngakhale pang'ono. Chimene chimasintha yankho n'chakuti mwendo uti wa chinthu ichi walumikizana ndi mwendo uti wa chinthu icho, ndipo chimenecho ndicho sindinalembe.

Lachisanu, sabata yoyamba

Ndinabwereza, ndipo ulendo uno ndinanena mosabisa: rezisita ya 6 Ω ndi ya 3 Ω zili mu paralelo, ndipo ziwirizi zili mu siriizi ndi ya 4 Ω. Anapeza yankho mphindi isanathe. Ndinasangalala, mpaka Madamu atawerenga pepalalo. Anati: "Apa mwamuyankhira, aphunzitsi. Anzake akuyenera kuzindikira okha kuti awa ali mu paralelo. Iyeyu mwamuuziratu."

Akunena zoona. Gawo lalikulu la funso ngati ili ndi kuzindikira kumeneko, masamu otsatirapo ndi opepuka. Ndikamachita chonchi mwanayu azikhoza papepala langa, koma sadzaphunzira kusiyanitsa siriizi ndi paralelo payekha, ndipo tsiku limene adzakumane ndi chithunzi chotukuka chopanda mawu anga adzasowa pogwira. Nayenso mtsikanayo anandiuza kuti funsolo linali losakoma, linangokhala ngati samu ya ku pulayimale.

Ndiye pali malire awiri. Mawu anene chilichonse chimene chithunzi chikuonetsa, koma asanene chimene wophunzira woona amayenera kuchiganizira yekha akayang'ana chithunzicho. Lachitatu ndinaperewera, lero ndapitirira.

Lolemba, sabata yachiwiri

Loweruka ndinakhala pansi ndi pensulo n'kuyamba kutsata mawaya a chithunzicho ndi chala, monga angachitire iye. Ndinaona kuti chala chimayenda osaganiza mpaka chikafika pamalo pamene njira yagawikana. Pamenepo m'pamene pamafunika kusankha. Munthu ukamamulondolera njira pafoni umachitanso chimodzimodzi: sumuuza kutalika kwa msewu uliwonse, umamuuza mphambano, ndi njira zimene zikuchoka pa mphambano iliyonse. Ndaganiza zopatsa dzina malo alionse amene mawaya akumana, A, B, C, kenako n'kunena chimene chili pakati pa malo awiri alionse.

Njirayi si yanga. Ndinakumbukira kuti ku koleji tinaona pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa SPICE, yomwe inachokera ku yunivesite ya California ku Berkeley mu 1973. Pulogalamuyi siona chithunzi. Umailembera mzere umodzi pa chinthu chilichonse: dzina lake, manambala a malo awiri amene miyendo yake yagwira, ndi kukula kwake. Seketi yathu, tikachotsa mamita ndi swichi, imalembedwa chonchi:

```
Seketi yathu
V1 1 0 9
R1 1 2 4
R2 2 0 6
R3 2 0 3
.op
.end
```

Mzere woyamba ndi mutu chabe, ndipo iwiri yomalizayo imangouza pulogalamu kuti iwerengere ndi pamene ithere. Mizere inayi ya pakatiyi yokha ndi yokwanira kuwerengera karenti iliyonse m'seketimo, ndipo mulibe mawu oti paralelo. Woiwerenga amaona yekha kuti R2 ndi R3 zonse zayambira pa 2 n'kuthera pa 0. Mwana sangapatsidwe manambala ouma chonchi, koma ganizo lake ndi limene ndimafuna. Nawa mawu amene ndalemba:

Seketi ili ndi batire limodzi, marezisita atatu, swichi imodzi, amita imodzi ndi votimita imodzi. Ili ndi mphambano zitatu, A, B ndi C. Batire ndi la 9 V, ndipo rezisitansi ya mkati mwake tisaiwerengere. Mbali yake ya pozitivi yalumikizidwa ku A, ya negetivi ku C. Kuchoka pa A kupita pa B pali njira ziwiri. Njira yoyamba ili ndi rezisita ya 4 Ω. Njira yachiwiri ili ndi votimita. Kuchoka pa B kupita pa C palinso njira ziwiri. Njira yoyamba ili ndi swichi, kenako rezisita ya 6 Ω. Njira yachiwiri ili ndi amita, kenako rezisita ya 3 Ω. Palibenso kulumikizana kwina.

Chiganizo choyamba, chotchula zinthu zonse, ndinachiika chifukwa woona akangoyang'ana chithunzi amadziwa kukula kwa seketi nthawi yomweyo, pomwe wowerenga ndi zala amalandira mzere umodzi umodzi. Akadziwiratu kuti marezisita ndi atatu, amadziwa pamene wafika kumapeto. Chiganizo chomaliza nachonso n'chofunika. Chimamumasula kuti asamadikire waya wina wobisika.

Lachiwiri, sabata yachiwiri

Ndalemba momwe mtsikanayo anayankhira, chifukwa ndinamupempha kuti aziganiza mokweza.

Anayambira pa B. Anati njira ziwiri zikuchoka pa B ndipo zonse zikuthera pa C, choncho swichi ikatsekedwa ya 6 Ω ndi ya 3 Ω zili mu paralelo. Anachulukitsa 6 ndi 3 n'kupeza 18, anagawa ndi 9, yomwe ndi 6 kuphatikiza 3, n'kupeza 2 Ω. Kenako anabwerera pakati pa A ndi B. Apa ndinakhala tcheru, chifukwa ndinalemba kuti pali njira ziwiri, ndipo ndinkaopa kuti agawa karenti pakati pa rezisita ndi votimita. Koma anati votimita ili ndi rezisitansi yaikulu kwambiri, karenti yodutsamo siiwerengedwa, ndiye yonse ikudutsa mu ya 4 Ω. Seketi yonse ndi 4 kuphatikiza 2, yomwe ndi 6 Ω. Karenti yochoka m'batire ndi 9 kugawa ndi 6, yomwe ndi 1.5 A.

Apa ana ambiri oona amagwa, amalemba 1.5 A ngati yankho la amita. Iye anabweza zala pa mzere wa amita, anawerenganso, n'kunena kuti: "Ayi, amitayi ili m'njira ya ya 3 yokha." Anawerengera voteji ya pa 4 Ω, 1.5 kuchulukitsa ndi 4, n'kupeza 6 V, zomwe votimita ikuonetsa. Pa 9 V kwatsala 3 V pakati pa B ndi C. Mu ya 3 Ω mukudutsa 1 A, mu ya 6 Ω mukudutsa 0.5 A. Anaphatikiza ziwirizi n'kuona kuti zikubwerera pa 1.5 A imene inalowa pa B, monga likunenera lamulo loyamba la Kirchhoff.

Gawo lotsegula swichi linamutengera kanthawi. Njira ya 6 Ω yaduka, kwatsala 4 Ω ndi 3 Ω pa mzere umodzi, 7 Ω, ndipo karenti ndi 9 kugawa ndi 7, pafupifupi 1.29 A. Yonseyi ikudutsa mu amita. Anakhala chete pang'ono, kenako anati zikumudabwitsa kuti karenti ya m'batire yatsika kuchoka pa 1.5 A kufika pa 1.29 A, koma ya mu amita yakwera kuchoka pa 1 A. Ndinamusiya kuti aganize. Anapeza yekha kuti poyamba karenti inkagawikana pa B, tsopano ilibe kwina kolowera. Funso lomwe anadzifunsali ndi la fizikisi yeniyeni, ndipo sakanafika pamenepo akanakhala kuti akulimbanabe ndi zoti waya akulowa pati.

Lachinayi, sabata yachiwiri

Ndamaliza mafunso ena asanu ndi njira yomweyi, ndipo ndakhazikitsa mayeso awiri amene mawu alionse ayenera kudutsa asanapite kwa Madamu.

Oyamba ndi kuwerenga miyendo. Chinthu chilichonse m'maseketi awa chili ndi miyendo iwiri, ndiye zinthu zikakhala 7 miyendo iyenera kukhala 14. M'funso lathu pa A pafika itatu: batire, rezisita ya 4 Ω, votimita. Pa B pafika inayi, pa C itatu. Pakati pa swichi ndi ya 6 Ω pali iwiri, pakati pa amita ndi ya 3 Ω palinso iwiri. Zonse pamodzi 14. Ikaperewera ndiye kuti pali mwendo umene ndausiya m'malere. Dzulo ndinagwira cholakwa chotere pa funso la mababu, mwendo umodzi wa votimita sunafike kulikonse.

Achiwiri ndi kupatsa mawuwo wophunzira amene sanaone chithunzi kuti ajambule. Chojambula chake sichifunika kufanana ndi cha m'buku m'maonekedwe. Ndimangotsata ngati mwendo uliwonse wafika pa mphambano yoyenera. Ana awiri akajambula maseketi osiyana, vuto lili m'mawu anga.

Madamu apemphanso kuti njira iliyonse iziyamba pa mzere wake, chifukwa buleyilo imadya malo ndipo zala zikafuna kubwerera pa amita zimavutika kuisaka m'kati mwa ndime yaitali. Apemphanso kuti mafunso azibwera mawu a seketi asanayambe, kuti mwana adziwiretu chimene akusaka. Zonse ziwiri ndavomera.

Lolemba, sabata yachitatu

Funso lachisanu ndi chiwiri landisokoneza Lamlungu lonse. Muli mababu atatu pa mzere umodzi, ndipo pali waya wamba amene wazungulira babu lapakati, kuchoka mbali imodzi kupita mbali ina. Funso likuti ndi mababu ati amene ayake.

Malo awiri olumikizidwa ndi waya wamba, kwa magetsi, ndi malo amodzi. Nditatsata lamulo langa mosamalitsa ndinapezeka ndalemba kuti babu lachiwiri lachoka pa B n'kubwerera pa B pomwepo. Mawuwa ndi olondola, koma chithunzi sichionetsa zimenezo. Chithunzi chimaonetsa malo awiri osiyana ndi mzere wowalumikiza, ndipo wophunzira ndiye amayenera kuzindikira kuti mzerewo wapha babu. Ndikalemba kuti B kubwerera pa B ndachitanso zija za Lachisanu, ndamuganizira. Kuwonjezera apo mawuwo amamveka ngati cholakwa cha mlembi.

Ndasintha chonchi: waya wotere ndizimutchula ngati chinthu pachokha. Kuchoka pa B kupita pa C pali njira ziwiri, yoyamba ili ndi babu lachiwiri, yachiwiri ndi waya yekha wopanda china chilichonse. Mtsikanayo atawerenga anafunsa ngati ndaiwala kulemba chimene chili pa wayayo. Ndinamuuza kuti sindinaiwale. Anaganiza, n'kunena kuti ndiye karenti yonse idutsa pa waya, babu lachiwiri silingayake, ndipo awiri otsalawo awala kwambiri kuposa akanakhala atatu. Kuyambira lero pa waya wotere ndiziika mawu oti wopanda china chilichonse, kuti pasakhale kukayika.

Ndiye lamulo lenileni si loti dzina limodzi pa malo amodzi a magetsi. Mayina azitsata mphambano zimene zajambulidwa, kupatula pamene wojambula wangotalikitsa waya kuti chithunzi chikwane papepala. Kusiyanitsa ziwirizi kumafuna kuti ndiyankhe kaye funso ndekha ndisanalembe mawu, ndione ngati wayayo ali ndi ntchito m'yankho.

Lachitatu, sabata yachitatu

Pali zinthu zina zimene chithunzi chimanena mwakachetechete, ndipo ndazipeza mochedwa pobwereza mafunso amene ndinkati atha.

Choyamba ndi mbali imene chinthu chaloza. Rezisita ndi babu zilibe kutsogolo kapena kumbuyo, koma selo ndi dayodi zili nako. Pa chizindikiro cha selo, mzere wautali ndi pozitivi, waufupi ndi negetivi. M'funso lina muli maselo atatu a 1.5 V, ndipo ine ndinalemba kuti maselo atatu otsatizana. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti lachitatu latembenuzidwa dala. Yankho si 4.5 V koma 1.5 V, chifukwa lotembenukalo likuchotsera 1.5 V pa 3 V ya awiri enawo. Tsopano selo lililonse ndikulitchula palokha: negetivi ya loyamba yagwira pozitivi ya lachiwiri, negetivi ya lachiwiri yagwira negetivi ya lachitatu. Sindikulemba kuti latembenuzidwa, aone yekha. Pa dayodi ndikunena mphambano imene nsonga ya muvi wa chizindikiro yaloza, osanena ngati karenti idutsa kapena ayi.

Chachiwiri ndi mawaya opingasana. Mizere iwiri ikadutsana papepala, kadontho pamenepo kamatanthauza kuti alumikizana, popanda kadontho angodutsana. Ubwino wa mawu ndi wakuti mawaya ongodutsana sindiwatchula n'komwe. Vuto ndi lakuti mapepala athu ndi ofotokopa kangapo, ndipo pa funso limodzi sindinathe kudziwa ngati kakuda kali pamphambano ndi kadontho kapena ndi litsiro la makina. Ndinawerengera njira zonse ziwiri. Imodzi inapereka manambala ogwirizana ndi mayankho anayi osankhapo amene ali pansi pa funsolo, ina ayi, ndiye ndinatenga yoyambayo. Ndajambulanso chithunzicho ndi kadontho kooneka bwino, chifukwa ana oona nawonso chinkawasokoneza.

Swichi nayonso ndizinena momwe yajambulidwira, yotsegula kapena yotseka. Pa funso loyamba lija sizinavute poti funso lenilenilo linkanena, koma pa ena awiri chithunzi chokha ndicho chinkaonetsa.

Lachisanu, sabata yachitatu

Mafunso 11 atha, adutsa mayeso onse awiri ndipo ali m'buleyilo. Mtsikanayo wayankha 9, walakwa limodzi, ndipo titabwereza tinapeza kuti anasokoneza pophatikiza mafulakishoni a marezisita atatu a mu paralelo, seketi anaimva bwino.

Atatu atsala, ndipo awiri mwa iwo njirayi siikwanira. Limodzi likufunsa dzina la chizindikiro chimene chalembedwa X. Ndikatchula dzina ndayankha, ndikafotokoza maonekedwe, kabokosi kotalika kokhala ndi muvi wopingasa, ndikuyesa mwana pa chinthu chimene zala zake sizinachikhudzepo. Lina likufuna kuti wophunzira ajambule pamene angaike votimita. Ili ndalisintha kuti atchule mphambano ziwiri zimene angailumikize, koma kuti zitheke ndiyenera kupatsa mayina malo ena amene si mphambano, apo ayi mayankho osankhapo achepa kwambiri moti angolota n'kukhoza. Madamu avomera kupanga katoni imodzi ya zizindikiro zonse zotukuka, kuti aziphunzire ndi zala funso la X lisanabwere.

Funso lachitatu lotsalalo lili ndi marezisita asanu, ndipo imodzi yadutsa pakati kulumikiza nthambi ziwiri, moti mphambano zafika zinayi. Mawu ake ndalemba ndipo miyendo yakwana, koma mwa ana awiri amene ndinawapatsa kuti ajambule, mmodzi anataya njira ya pakatiyo. Lolemba ndiyesa kuwonjezera mzere umodzi kumapeto wonena kuti pa mphambano iliyonse pafika njira zingati, kenako ndiwapatsa ana ena awiri amene sanalionepo.